Pandemic: ndayisewera, ndipo chinsinsi chake chili pa kasakanizidwe ka makhadi

Ndinagula Pandemic chifukwa chofuna masewera apatebulo oti tisamakangane tikamaliza. Mu gemu imeneyi, yomwe anapanga Matt Leacock ndipo inatuluka mu 2008, nonse muli mbali imodzi: mukulimbana ndi matenda anayi pa mapu a mizinda 48, ndipo mupambana limodzi kapena kugonja limodzi. Palibe mdani wokhala moyang'anizana nanu, koma mtima umagunda ndithu munthu akatambasula dzanja kuti atole khadi.

Mantha amenewa amachokera pa makhadi a mliri, olembedwa kuti Epidemic. Simungowaponya mu mulu n'kusakaniza zonse pamodzi ayi. Mumagawa mulu wa makhadi omwe osewera amatola m'timilu tofanana, n'kuika khadi limodzi la mliri m'kamulu kalikonse, kusakaniza kalikonse pakokha, kenako n'kusanjikiza. Ife timasewera anthu anayi. Pa makhadi 53, aliyense amalandira awiri, ndiye amatsala 45. Tikasankha miliri isanu, pamakhala timilu tisanu ta makhadi 10 kuphatikizapo la mliri. Wosewera amatola awiri akamaliza nthawi yake, choncho kamulu kamodzi kamatha pakasewera anthu kasanu.

Mumadziwa kuti mliri ulimo m'makhadi khumi amenewo, koma simudziwa kuti uli pati. Mukatola asanu ndi limodzi osaupeza, ndiye kuti uli mwa anayi otsalawo, ndipo aliyense patebulo amayamba kuwerenga chamumtima. Akanakhala kuti anabisa zonse, bwenzi tikungoti ndi mwayi basi n'kumaseka. Koma munthu ukamadziwa theka lokha, umamva kuti ukanatha kukonzekera, ndipo zimenezo ndiye zimawawa.

Mliri ukagwa, mumatenga khadi lapansi penipeni pa mulu wina, wa matenda, n'kuika tizidutswa titatu toimira matenda pa mzinda wolembedwa pa khadilo. Kenako makhadi onse a mizinda imene yadwala kale mumawasakaniza n'kuwabwezera pamwamba. Apa ndi pamene ndinagomera amene anapanga gemuyi. Matenda amabwerera komwe anapweteka kale. Tsiku lina Lagos inali ndi tizidutswa titatu tachikasu, Kinshasa nayonso titatu, ndipo mizinda iwiriyi ndi yolumikizana. Mzinda sulandira kachidutswa kachinayi, m'malo mwake matenda amasefukira ku mizinda yonse yoyandikana nawo. Khadi la Lagos litatuluka, linasefukira ku Kinshasa, Kinshasa nayo n'kusefukira ku Khartoum ndi Johannesburg. Khadi limodzi linatidyera kusefukira kuwiri, pomwe kukafika kasanu ndi katatu gemu yatha. Chopweteka n'choti tinkadziwa kuti Lagos ili mwa makhadi ochepa apamwamba aja, koma tinaganiza kuti itipatsa mpata pang'ono kuti timalize kusonkhanitsa makhadi asanu a mtundu umodzi ofunika kuti tipeze mankhwala.

Kulimba kwa gemu amakusintha ndi chinthu chimodzi chomwechi. Oyamba kumene amaika miliri inayi, ozolowera isanu, odzidalira isanu ndi umodzi. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa, koma kamulu kamatsika kuchoka pa makhadi 12 kapena 13 kufika pa 8 kapena 9. Miliri ikamabwera pafupipafupi, mizinda yomweyomweyo imabwerezedwa musanaiyeretse, ndipo chiwerengero cha makhadi a matenda otoledwa pa nthawi imodzi chimakwera msanga kuchoka pa awiri kufika pa atatu, kenako anayi. Komanso mliri utha kukhala pansi pa kamulu kena, wotsatira n'kukhala pamwamba pa kamulu kotsatira, n'kugwa yonse iwiri nthawi imodzi. Zikatero pamakhala povuta kudzuka, ngakhale mutasewera mwanzeru chotani. Amene amadana ndi kugonja popanda kulakwa kwake adziwiretu zimenezi.

Vuto lina lili kwa anthufe. Pa gawo losavuta malamulo amati makhadi a m'manja aikidwe poyera, ndipo pamenepo mnzathu wina wochangamuka pa masamu anayamba kutiuza tonse zochita, enafe n'kungokhala osuntha tizidutswa. Titakwera pa miliri isanu n'kubisa makhadi m'manja, monga malamulo amanenera, zinasinthako: amayenera kufunsa kuti "Kodi muli ndi achikasu angati?" ndipo aliyense amakhala ndi choti anene. Sizithetseratu vutoli, poti palibe choletsa kutchula zomwe uli nazo.

Khadi lomwe ndimalikonda ndi la Forecast, lokulola kuona makhadi asanu ndi limodzi apamwamba pa mulu wa matenda n'kuwasanja momwe ukufunira. Lisungeni mpaka mliri utangogwa, makhadi atabwezedwa pamwamba musanatole lililonse. Gemuyi ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Oyamba kumene ayambe ndi miliri inayi, ndipo akapambana kawiri motsatizana awonjezere wina.