Pulogalamu yokulitsira zithunzi ija inawachotsa mphini agogo

Wina wandifunsa kuti: "Achimwene, pulogalamu yokulitsira zithunzi munagula chaka chatha ija ikugwirabe? Ndili ndi kachithunzi ka malemu bambo kosaoneka bwino, tikufuna tikaike pachiliza."

Ikugwira ndithu. Zizindikiro za makampani ndi malembo akuluakulu imanola bwino, timabokosi ta zithunzi zopanikizidwa pa WhatsApp imatichotsanso. Pamenepo ndilibe nayo chifukwa. Pankhope ndiye pali nkhani.

Kachithunzi ka mapikiselo 400 m'litali ndi 300 m'lifupi kali ndi timadontho 120,000. Mukakakulitsa kanayi mbali zonse kamafika 1600 ndi 1200, timadontho 1,920,000. Ndiye kuti pa timadontho 16 tilitonse, 15 sitinachokere m'kamera. Njira yakale ya Bicubic imangosakaniza mitundu ya timadontho toyandikana, chithunzi n'kukula koma chimbuuzi chili pomwepo. Yatsopanoyi inaphunzitsidwa ndi zithunzi zambirimbiri za anthu ena, ndiye ikaona kamdima poyenera kukhala diso, imajambulapo diso. Diso labwino, koma la ndani?

Mayi ena anabwera kushopu kwanga ndi kachithunzi ka agogo awo, koti tiike pa pepala la mwambo wa maliro. Nditayatsa gawo lokonza nkhope, panatuluka mayi wosalala khungu, maso owala, mano oyera ondondozana. Ine ndinasangalala. Eniake anayang'anitsitsa n'kuti, "Awa si agogo anga." Mphini za m'masaya inaziyesa litsiro n'kuzipukuta, mpata wa m'mano inatseka, makwinya onse mbee. Malembo a pachitenje chawo cha mpingo anasanduka tizilembo tosawerengeka m'chinenero chilichonse. Tinazimitsa gawolo, n'kukulitsa kawiri kokha. Chinatuluka chachimbuuzi pang'ono, koma anali agogowo, ndipo ndi chomwe anatenga.

Pano ndimakulitsa chithunzi chimodzi ndi njira ziwiri zosiyana, kenako n'kuziika pambalipambali. Pomwe zasiyana ndi pomwe pulogalamu yapeka. Ndimayamba kuona mano, makutu, ndolo ndi malembo, chifukwa bodza limaonekera msanga pamenepo.

Inu fufuzani kaye chithunzi chenicheni cha papepala, mwina chili m'sutikesi kumudzi. Muchisikane pa 600 dpi, kutanthauza timadontho 600 pa inchi iliyonse, ndipo potumiza pa WhatsApp musankhe Document kuti chisapanikizidwe.

China chandichititsa kulemba ndi nkhani ya ndalama. Mwezi watha ogulitsa anadula okha ya chaka china pakhadi langa, m'madola, ndipo nonse mukudziwa mmene kwacha ilili chigwereni ndi 44 peresenti mu 2023. Nditawalembera, anati zinalembedwa m'mfundo zomwe ndinavomera, sabweza, koma anditsitsirako chaka chamawa. Tsiku limenelo ndikanakuuzani kuti ndi yachabechabe. Mtima utatsika, ndikuvomera kuti pa zikwangwani imandibwezera ndalama. Koma pa chithunzi chimodzi cha bambo musagule. Upscayl ndi yaulere, yesani imeneyo pakompyuta, ndipo musanapite nacho kwa osema chiliza mukawaonetse kaye amayi.