Family Link kapena Family Pairing: funsani kaye, foniyo ndi ya yani?

Mlamu wanga wa ku Lizulu anandifunsa mwezi watha kuti, "Alamu, mwa ziwiri zija mumanenazi, yabwino ndi iti yoti mnyamata wangayu azigona usiku?" Ankanena za Family Link ndi Family Pairing, njira ziwiri zimene makolo amaikira ana malire pa foni. Ndisanayankhe ndinawafunsa kaye ngati mnyamatayo ali ndi foni yakeyake kapena amabwereka ya mayi ake. Yankho lagona pamenepo.

Family Pairing ndi ya TikTok, ndipo imamangirira akaunti ya mwana ku akaunti yanu. Nonse muyenera kukhala pa TikTok. Pa foni yanu mulowe pa Profile, kenako Settings and privacy, musankhe Family Pairing ndi kudina Parent. Patuluka kachizindikiro ka QR. Mwana adutsa njira yomweyo, adina Teen n'kujambula kachizindikiroko, basi mwalumikizana. Kuchokera apo mutha kumuikira mphindi za tsiku lililonse, kumutsekera mauthenga a anthu osawadziwa, ngakhale kumuletsa kufufuza makanema. Ndi yosavuta ndithu, ine ndinamaliza tiyi asanazizire.

Vuto lake n'lakuti mphamvu zake zimathera pa TikTok pomwepo. Mwana wanga wamkazi, wa Folomu 3, mphindi zake zikatha ankangosamukira ku YouTube n'kupitiriza makanema afupiafupi aja. Ndinazindikira chifukwa bandulo inkathabe msanga ngati kale, m'mawa maso ali psu. Musadalirenso malire a mphindi 60 amene TikTok inayamba kuikira yokha ana osakwana zaka 18 mu 2023. Nthawi ikakwana, mwana wazaka 13 kupita m'tsogolo amangolemba yekha manambala achinsinsi n'kupitiriza.

Family Link ya Google imagwira foni yonse ya Android, kaya ndi itel kaya Tecno. Inu muike pulogalamuyi pa foni yanu. Pa ya mwana mulowe mu Settings, kenako Google, mupeze Parental controls, n'kulemba akaunti yanu monga kholo. Wachinyamatayo amavomereza polemba pasiwedi yake, choncho palibe zochita mobisa, muyenera kukhala naye pansi n'kukambirana. Ife tinakambirana pakhonde Lamlungu masana, ndipo sanasangalale nazo, koma maola tinagwirizana limodzi: TikTok mphindi 45, YouTube mphindi 30, ndipo Downtime kuyambira 9 koloko usiku mpaka hafu 5 m'mawa. Nthawi imeneyo foni imadzitseka, koma mukamuimbira amayankha. Loweruka akamaliza kuchapa ndimamuonjezerako mphindi zingapo.

Apanso panatuluka kabowo. Patatha sabata, lipoti la nthawi mu Family Link linaonetsa kuti TikTok ikuima pa 45 bwinobwino, koma Chrome yakwera kupitirira maola awiri. Ankaonera makanema omwewo kudzera pa burawuza. Ndinaika malire pa Chrome, komanso Daily limit ya maola awiri pa foni yonse. Malire a foni yonsewa ndiwo ofunika kwambiri kwathu kuno, chifukwa ana amapatsana makanema pa memole khadi ndi pa WhatsApp, n'kumaonera popanda intaneti. Family Pairing zimenezo siziona n'komwe.

Dziwaninso kuti malire amene mwaika kale amagwirabe ntchito foni ya mwana ikakhala yopanda bandulo, koma mukasintha chinthu pa foni yanu, sichifika kwa iye mpaka atalumikiza intaneti.

Chimene chinandivutitsa kwambiri ndi tsiku lobadwa. Foni tinagula yogwiritsidwapo kale ntchito pamsika, ndipo wogulitsa anatitsegulira akaunti mwachangu, n'kulembapo chaka chongopeka chosonyeza kuti mwini wake ndi munthu wamkulu. Zoteteza ana zonse, za Google ndi za TikTok zomwe, zimayendera chaka chobadwa chimene chalembedwa pa akaunti iliyonse. Tinachita kutsegula akaunti yatsopano yokhala ndi chaka chenicheni. Musanayambe chilichonse, onani kaye zimenezi.

Nanga YouTube? Ili ndi Family Center, yomwe imakuonetsani kuchuluka kwa makanema amene mwana waika, kwa ndemanga zimene walemba ndi kwa matchanelo amene akutsatira. Ndi yothandiza ngati wanu amakonda kudzijambula, koma za nthawi yogona ine ndimasiyira Family Link.

Mnyamata wa mlamu wanga uja amabwereka foni ya mayi ake, imene amalandilirapo ndalama za mbatata ya kachewere. Pamenepo Family Link siyenera, chifukwa imafuna kuti maakaunti ena achoke pa foniyo, ndiponso ingamawatsekere mayiwo ikakwana 9 koloko. Tinamutsegulira akaunti yake ya TikTok, n'kuimangirira ku ya bambo ake ndi Family Pairing, mphindi 60 patsiku. Akatuluka n'kulowa pa akaunti ya mayi ake malirewo sagwira, ndiye akaunti ya mayiyo tinaichotsamo, pasiwedi sakuidziwa. Usiku foniyo imagona kuchipinda kwa makolo.