Kuwalitsa zilembo zosawoneka pa chithunzi: njira zitatu zimene ndayesa, kuphatikizapo imodzi imene inandidyera ndalama

Chiyambireni kumveka kuti ndimadziwako za kompyuta, anthu akumpingo kuno ku Mufakose, mu Harare, saleka kunditumizira zithunzi za makalata ndi malisiti zimene zilembo zake zili mbuu, n'kumati ndiwakonzere. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Nkhani yanga inayamba ndi thumba la mpunga wa kilombero ndi usipa limene azakhali anatumiza pa basi kuchokera ku Blantyre. Lisiti analijambula ataliika pa mphasa, madzulo, n'kunditumizira pa WhatsApp. Dzina langa linkawerengeka, koma nambala ya katundu, ya manambala 8, inali ngati nyerere zopondedwa.

Njira yoyamba, ndinathamangira pulogalamu ina ya pa foni, ya zija zimalonjeza kuti nzeru zopangidwa za AI zikonza chithunzi chilichonse. Inati masiku 3 oyamba ndi aulere, bola ndilembetse khadi. Zimene inatulutsa zinali zokongoladi, manambala akuda bii, akuthwa ngati angosindikizidwa kumene. Ndinakwera kombi mpaka m'tauni, ndinafola pamzere, ndipo mayi wa pa kauntala atalemba nambalayo anangopukusa mutu. "Bambo, nambala iyi kulibe." Ndinalimbikira mpaka kuwaonetsa foni. Kulakwa kunali kwanga: pa lisiti lenileni panali 3, pulogalamu ija inajambulapo 8.

Apa ndi pamene anthu ambiri sitimvetsa. Mapulogalamu amenewa sakumba zilembo zobisika m'chithunzi. Anaphunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, ndiye akaona chibanthu chofanana ndi nambala amajambula nambala imene akuiganizira, mwaukhondo, osakuuzani kuti angolota. Pa nkhope ya agogo zimenezo zilibe vuto kwenikweni. Pa mawu, mutha kuzindikira nokha kuti "Blantyre" yalembedwa molakwika. Koma nambala ilibe chiganizo choiteteza, 3 ndi 8 zonse zimaoneka zoona. Ngakhale makina akuluakulu zinawachitikirapo mwa njira yawo: mu 2013 David Kriesel wa ku Germany anapeza kuti makina ena a Xerox ankasintha 6 kukhala 8 pa mapepala ojambulidwa, chifukwa cha mmene ankapanikizira zithunzi. Choopsa chake ndi chomwecho, cholakwika chooneka bwino.

Za ndalama nazo: ndinachotsa pulogalamuyo pa foni ndikuganiza kuti nkhani yatha. Kuchotsa sikuletsa kulipira. Anandidula madola 7 pa sabata, masabata atatu, ndisanaone uthenga wa kubanki. Ngati munalembetsapo zotere pa Android, lowani mu Play Store, pa `Payments & subscriptions`, mukaletse kumeneko. Madola 21 amenewo mpaka lero amandiwawa kuposa mtengo wa usipa womwewo.

Njira yachiwiri ndi kunola chithunzi pamanja. Pa foni pali Snapseed, yaulere: `Details`, kenako `Sharpening` pang'ono, ndi kukweza `Contrast` mu `Tune Image`. Imathandiza msanga, koma ine ndimakonda kompyuta, pa GIMP kapena ImageMagick, zonse zaulere. Lamulo la ImageMagick limene ndimagwiritsa ntchito ndi ili:

```
magick lisiti.jpg -colorspace Gray -resize 300% -unsharp 0x3+1.5+0.02 -level 25%,80% lisiti2.png
```

Ndondomeko yake ili ndi chifukwa. Choyamba mumachotsa mitundu, poti pa pepala imangowonjezera zinyalala. Kenako mumakulitsa katatu musananole, chifukwa mukanola chithunzi chaching'ono mumanolanso timabokosi ta JPEG tija timazungulira zilembo. Kunolako kumadetsa mbali yakuda ya m'mphepete mwa chilembo ndi kuyeretsa mbali yoyera, basi. Pomaliza `-level` imasandutsa pepala lotuwa kukhala loyera. Mu GIMP zomwezi zili pa `Scale Image`, `Sharpen (Unsharp Mask)` ndi `Levels`. Mukaona mzere woyera mbee ukuzungulira chilembo chilichonse, kapena timabowo ta "e" ndi "a" tatsekeka, mwapyola muyeso, bwererani. Ndipo sungani ngati PNG, kuti musapanikizenso kachiwiri.

Pa lisiti la azakhali njira iyi inandipatsa manambala 6 omveka, awiri anakhalabe okayikitsa. Sinandipatse yankho lonse, koma sinandinamize, ndipo n'chifukwa chake ndimaikonda. Pamene chithunzi chilibe kanthu, imasiya chibanthu chomwecho kuti muone nokha kuti apa mpokayikitsa.

Musanataye nthawi, kulitsani chithunzi muone mtundu wa vuto. Zilembo zikangofewa m'mphepete mofanana mbali zonse, ndiye kuti kamera sinalunjike bwino, ndipo kunola kumathandizako. Zikaoneka ziwiriziwiri, ngati zakokedwera mbali imodzi, dzanja linagwedezeka, ndipo kunola kumangokupatsani zilembo ziwiri zakuthwa m'malo mwa chimodzi. Zikaoneka ngati masitepe a timabokosi, mapikiselo ndi ochepa.

Lisiti lathu vuto lake linali lachitatuli, ndipo masamu ake ndi osavuta. WhatsApp ikamatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachichepetsa kufika mapikiselo pafupifupi 1600 mbali yaitali. Azakhali anaima patali, chithunzi chinatenga masentimita ngati 40 a mphasa, kutanthauza mapikiselo 4 pa milimita imodzi. Nambala yotalika mamilimita 2 inatsala ndi mapikiselo 8 okha, ndipo kampata kamene kamasiyanitsa 3 ndi 8 ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri. Zikafufutika zimenezo, palibe pulogalamu ingazibweze. Koma chithunzi choyamba, chimene chinali m'foni mwawo, chinali cha mapikiselo 4000, ndiye nambala yomweyo inali ndi mapikiselo 20.

Njira yachitatu ndiye imeneyo, ndipo ndi imene inatulutsa mpunga wanga. Ndinaimba foni. "Azakhali, musajambulenso. Muuze mwana wanu adine kachizindikiro kotumizira zinthu, asankhe `Document`, osati `Gallery`, atumize chithunzi chomwe chija." Anadandaula kuti zidya bandulo, ndipo n'zoona, chithunzicho chinali mamegabaiti 3 pamene chimene anatumiza pa `Gallery` chija sichinafike ngakhale theka la imodzi. Chitafika sindinanole kalikonse. Nambala 3 inali poyera. Batani la `HD` limene WhatsApp inabweretsa mu 2023 ndi labwinoko kuposa kutumiza wamba, koma limapanikizabe, choncho pa mapepala ine ndimaumirira `Document`.

Ngati choyambacho nachonso n'choipa, ajambulenso: panja pamthunzi masana, pepala litayalidwa, kamera itapukutidwa ndi nsalu, pepala lidzaze chithunzi chonse, ndipo adine pa zilembo kuti kamera ilunjike asanajambule. Malisiti a pepala loterera aja amafufutika ndi dzuwa ndi kutentha, ndiye asachedwe.

Masikirinishoti nkhani yake ndi yaifupi. Sikirinishoti simakhala yosawoneka pobadwa, imawonongeka poyenda, munthu akajambula ya mnzake, wina n'kuitumizanso m'gulu, wina n'kuidula. Funsani amene anayamba, akulitse zilembo pa foni yake kenako ajambule.

Pulogalamu ya AI ndingaigwiritsebe ntchito pa kalata yakale ya mawu okhaokha imene mwini wake kulibenso, ndikuyerekeza mzere uliwonse ndi chithunzi choyamba. Pa nambala ya akaunti, ya pasipoti, ya katundu kapena mlingo wa mankhwala, ayi ndithu. Ndipo a kumpingo, mukanditumizira lisiti lina kudzera pa `Gallery`, ndikubwezerani osalitsegula.