Madzi a maisela, tona ndi mawaipusi: mwa zitatuzi, chofunika pa nkhope n'chiti?

Mng'ono wanga amagwira ntchito mu shopu ya nsalu ku Kamwala, ndipo amakwera maminibasi awiri kuti akafike kwathu ku Mtendere. Akamalowa m'nyumba madzulo, nkhope yake imakhala itasenza katundu wa tsiku lonse: sanisikirini wam'mawa, fawundeshoni, masikara, thukuta, ndi fumbi lomwe mphepo ya Ogasiti imamwaza mu Lusaka muno. Chaka chatha anagula zinthu zitatu tsiku limodzi, paketi ya mawaipusi, botolo la madzi a maisela ndi botolo la tona, n'kumagwiritsa ntchito zonse usiku uliwonse motsatizana. Patatha masabata atatu anabwera ku chipinda kwanga atagwira masaya. "Asisi, nkhope ikundiwotcha ndikangodzola mafuta, komanso taonani apa." M'mbali mwa mphuno khungu linali likufunduka, ndipo pamwamba pa masaya panayamba mawanga akuda omwe kale panalibe.

Palibe chimene chinali chachinyengo pa zitatu zija. Vuto linali lakuti iye ankaganiza kuti ndi masitepe atatu a ntchito imodzi, pomwe mawaipusi ndi madzi a maisela amalimbirana ntchito yomweyo yopukuta, ndipo tona si chotsukira n'komwe. Choncho ankakhula nkhope katatu usiku uliwonse, osaisambitsa ndi madzi ngakhale kamodzi.

Ndiyambe ndi madzi a maisela, chifukwa ndi omwe anthu amawaona ngati matsenga. M'botolomo muli madzi osakaniza ndi tinthu ta mtundu wa sopo koma tofatsa kwambiri. Kanthu kalikonse kali ndi mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta, ndiye tikachuluka m'madzi timaunjikana n'kupanga timipira tosaoneka ndi maso, michira mkati, mitu kunja. Timipira timeneti ndiye maisela. Mukanyowetsa thonje n'kuliika pakhungu, michira ija imagwira mafuta, fawundeshoni ndi litsiro, zonse n'kusamukira pathonje. Anatchuka koyamba ku France m'zaka za m'ma 1990, makamaka kwa anthu omwe khungu lawo silichedwa kunyanyuka.

Apa pali chinthu chomwe ambiri timaphonya, ndipo mng'ono wanga ankachiphonyanso: madziwa amafuna nthawi, osati mphamvu. Thonje linyowe bwinobwino, osati kadontho kamodzi pakati. Mulikhazike pa diso lotseka, muwerenge pang'onopang'ono mpaka 15 kapena 20, kenako mulitsetsereke kutsika. Masikara ambiri amachoka okha. Mukangoika n'kuyamba kukhula, ntchito ikugwiridwa ndi thonje louma pang'ono, osati maisela, ndipo khungu lozungulira maso ndi lopyapyala kuposa pena paliponse pankhope. Kwa ine nkhope yophoda imatenga mathonje atatu: limodzi maso ndi milomo, awiri kwina konse. Ngati thonje lililonse limamwa pafupifupi mamililita 2, ndiye kuti usiku umodzi ndi mamililita 6, ndipo botolo la mamililita 400 likhala masiku 66, miyezi iwiri ndi kanthu.

Ali ndi polekezera pake. Masikara osachoka ndi madzi, lipisitiki zija zouma zomwe timadzola kopita ku kicheni pate, ndi sanisikirini wosachoka ndi thukuta, madzi a maisela wamba amalephera nazo. Pamenepo pamafunika mtundu womwe m'botolo mumaoneka magawo awiri, mafuta pamwamba madzi pansi, womwe umayenera kukhutchumulidwa kaye. Chinanso, botolo limanena kuti palibe chifukwa chotsukuluza. Kwa ambiri zimayendadi, koma tinthu ta sopo tija timatsalabe pakhungu, ndipo ena timawaumitsa kapena kuwayabwa tikagona nato usiku ndi usiku. Ine ndimatsukuluza madzi akakhalapo.

Mawaipusi ndi kansalu konyowetsedwa kale m'madzi ofanana ndi amenewa, ndipo ena amalembedwa kuti ndi a maisela. Ndiye bwanji sachita chimodzimodzi? Chifukwa madzi ali m'kansalu kamodzi ndi ochepa, ndipo simungawonjezere. Mbali imodzi ikadetsedwa ndi fawundeshoni ya pachipumi, mbali yomweyo ndi imene ikupita ku tsaya, ndiye litsiro lina limachoka, lina limangosamuka malo. Kuti zichoke, munthu amakakamizika kukhula. Paketi yonyowa yomwe imatsegulidwa tsiku ndi tsiku imafunanso mankhwala oletsa nkhungu, ndipo ambiri amathiramo zonunkhiritsa. Zonsezo zimatsala pankhope ngati simusamba. Pa khungu lathu lakudali, kukhula si nkhani yaing'ono: pamene pakwiya pamatulutsa mtundu wochuluka, ndipo banga lakuda limatha kukhala miyezi ingapo kuwawa kutatha kale. Mawanga a mng'ono wanga anali ndendende pamene ankalimbikira kupukuta, pamwamba pa fupa la tsaya.

Nkhani ya thumba nayo siyiwakomera. Paketi zambiri zimakhala ndi 25. Nkhope yophoda siyera ndi kamodzi, ndiye mukamatenga tiwiri, paketi yatha pa masiku 12. Pamene botolo limodzi lija likutha, mwamaliza mapaketi asanu n'kuyamba yachisanu ndi chimodzi. Ndipo m'kutentha kwa Okutobala, kachomata kapamwamba kakasiya kugwira, otsiriza aja mumawapeza atauma ngati pepala. Mukamaliza, musaponye m'chimbudzi chogejemula. Ambiri ali ndi ulusi wa pulasitiki ndipo sasungunuka ngati tishu.

Komabe sindingawanyoze mpaka kumapeto. Tinagona masiku atatu pa maliro a amalume, azimayi tonse pansi m'nyumba imodzi, mgolo wa madzi uli umodzi ndipo ofunika kuphikira. Panalibe poti n'kutulutsira botolo ndi mathonje. Paketi ya mawaipusi inazungulira chipinda chonse. Chimodzimodzi pa basi yopita ku Chipata, ulendo wotenga pafupifupi tsiku lathunthu. Malo awo ndi m'chikwama, osati pambali pa bedi.

Tona ndiye dzina lomwe limasokoneza kwambiri, chifukwa mabotolo osiyana kotheratu amalembedwa dzina limodzi. Chiyambi chake chikukhudza sopo. Pamwamba pa khungu pamakhala powawasira pang'ono, pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe sopo wamtanda amakhala cha pa 9 kapena 10. Ukasamba naye, khungu limakungika ngati ng'oma, ndipo ngati madzi ali ndi laimu wambiri, sopoyo amasiya kautoto kotuwa. Tona inkabwera kudzachotsa zotsalazo. Ife a mu Lusaka mfundo imeneyi tisaitaye msanga, popeza mzinda wathu wakhala pamiyala ya laimu, ndipo amene amamwa madzi a pansi pa nthaka amadziwa zoyera zija zimene zimakakamira mu ketulo. Ngati mumasamba kumaso ndi sopo yemweyo wochapira, m'madzi oterewa, kukungika kumene mumamvako n'koona. Koma mankhwala ake ndi kusintha chosambira, kugula sopo wa kumaso wofatsa, osati kuwonjezera botolo lokonza zimene sopo wolakwika waononga.

Tona ya mng'ono wanga inali ya mtundu wakale, yodzaza sipiriti. Simuvutika kuizindikira: fungo lake ndi la ku chipatala, imazizira pakhungu n'kuuma nthawi yomweyo, ndipo pa chiphuphu chophulika imaluma. Iye ankati kulumako ndi umboni woti ikugwira ntchito. Ayi, ndi khungu likudandaula. Kwa kanthawi nkhope imaoneka yosanyezimira, koma mafuta amabweranso masana asanafike, ndipo timabowo ta pakhungu sititsekeka monga amalonjezera, chifukwa tilibe zitseko. Ankandionetsanso thonje la tona litada, amvekere, "Mwaona litsiro lomwe linatsala?" Thonje limenelo linkangoulula kuti mawaipusi sanamalize ntchito yawo.

Pali tona ina yonyowetsa, yokhala ndi gilisarini ndi zina zokoka madzi. Ndi yabwino, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kuzizira kumatuwitsa nkhope kuti mbuu, koma mafuta odzola abwino amachita zomwezo. Yomwe ili ndi ntchito yakeyake ndi ya asidi. Ya salisiliki, yomwe imakhala pakati pa 0.5 ndi 2 peresenti, imalowa m'timabowo todzaza mafuta, ndiye imathandiza amene ali ndi tinthu takuda pamphuno ndi tiziphuphu ting'onoting'ono. Ya gilaikoliki imasenda khungu lakufa pamwamba. Izi ndi mankhwala ndithu, ngakhale zikuoneka ngati madzi. Mumayamba usiku uwiri pa sabata, nkhope itasambidwa kale, ndipo m'mawa mwake sanisikirini asaphonyeke, apo ayi dzuwa la kuno lidetsa mawanga omwe mumafuna kuchotsa. Zotsatira zake zimaoneka pakatha masabata 6 mpaka 8, osati Loweruka lomwelo. Ndipo samalani pa misika, chifukwa mawu oti "tona" ena amawagwiritsa ntchito pa zoyeretsa khungu. Botolo lopanda mndandanda wa zomwe zili mkati, lisiyeni pomwepo.

Zimene tinachita ndi mng'ono wanga zinali zochotsa, osati zowonjezera. Kwa masabata awiri anasiya zonse zitatu pamodzi ndi fawundeshoni. Usiku ankasamba ndi sopo wa kumaso wofatsa, madzi ofunda pang'ono, zala zokha, kwa theka la miniti kapena kupitirira pang'ono, n'kudzola mafuta khungu lisanaumiretu. M'mawa madzi okha, mafuta, sanisikirini. Kuwotcha kunatha m'sabata yoyamba, kufunduka m'yachiwiri. Mawanga ndi omwe anachedwa, anatenga miyezi inayi kuti azilale.

Atayambiranso kuphoda, pa zitatu zija chinabwerera chimodzi chokha. Madzi a maisela amachotsera masikara ndi fawundeshoni, kenako amasamba monga mwa masiku onse. Tsiku lomwe sanaphode, botololo salikhudza. Limagwiranso ntchito usiku umene magetsi apita, pampu yaima, ndipo m'chidebe mwatsala madzi a tiyi wam'mawa okha: mathonje atatu, kenako kansalu koviika m'theka la kapu kupukutira zotsala.

Ndiye ngati simuphoda ndipo madzi muli nawo, pa zitatuzi palibe chimene mukusowa. Ngati mumaphoda, gulani madzi a maisela. Tona ya asidi iganizireni pokhapokha pali vuto lomwe mungaliloze ndi chala pagalasi. Tona ya sipiriti ija sitinataye. Mng'ono wanga amapukutira galasi la m'chipinda mwake, ndipo kumeneko ikugwira ntchito bwino zedi.