Kuwerengana kwa mabakiteriya: njira ziwiri

Kwa anzanga ophunzira za tizilombo kuno ku Harare amene mukusankha chofufuza. Mabakiteriya amatulutsa timankhwala; tikachuluka, onse amadziwa kuti akwana, n'kuyamba ntchito limodzi.

Vibrio fischeri, wam'nyanja: puloteni LuxI imapanga kamankhwala AHL, kodutsa khungu la selo mosavuta. Kakachuluka kamagwira puloteni LuxR m'kati, gulu lonse n'kuwala mumdima.
Staphylococcus aureus: amatulutsa kapuloteni AIP, kosalowanso m'selo. Kamagwira puloteni AgrC pakhungu la selo, poizoni n'kuyamba kupangidwa.

Kuona zotsatira: woyamba maso akwanira, wachiwiri mpaka zipangizo zoyezera.
Chisamaliro: woyamba amafuna chakudya chamchere ndi malo ozizirirapo. Kutentha kwa Okutobala kungamuzimitse.
Ngozi: wachiwiri amayambitsa zithupsa, samalani.

Ongoyamba kumene, tengani wowalayo. Winayo ngwa amene muli ndi labotale yotetezeka.