Kathabwa kadzaza makonsonanti: kutaya, kumenya kapena kusintha?

Loweruka tikusewera Scrabble ku Chilenje ndinatola C, M, Q, T, V, W ndi X. Vawelo ngakhale imodzi panalibe. Zikatere njira zilipo zitatu, ndipo sizifanana mphamvu.

Yoyamba ndi mawu opanda vawelo: HM, SH, MM, BRR, NTH, TSK, CWM. Mndandanda wa mawu ololedwa wa Collins umalolanso CH ndi ST, zomwe wa ku America sulola, choncho gwirizanani mndandanda musanayambe, kuopa mkangano. Ubwino wa mawuwa ndi woti amachotsa malembo angapo nthawi imodzi. Koma malipiro ake ndi ochepa, CWM ndi mapointi 10 okha, BRR ndi 5. Komanso kupeza pokoloweka n'kovuta, chifukwa C alibe mawu ena a malembo awiri kupatula CH. Ine ndikanaika CWM ndikanatsala ndi Q, T, V, X. Pamenepo ndataya chiyani?

Yachiwiri ndi kubwereka vawelo ya pabolodi n'kumenya ndi lemba lolemera: QI, ZA, JO, XI, XU, AX, EX, OX. Apa mfumu ndi X, poti amagwirizana ndi vawelo iliyonse mwa zisanu zija. Pabolodi pathu panali mawu otsika othera ndi AT, ndipo T yemweyo anayamba TIN chopingasa. Bokosi la pamwamba pa I, kumanja kwa A, linali lochulukitsa lemba katatu. Nditaikapo X panatuluka AX chopingasa ndi XI chotsika. X ndi 8, katatu ndi 24, kuonjeza vawelo ndi 25, ndipo amawerengedwa mbali zonse ziwiri: 50 ndi lemba limodzi. Achimwene omwe ndinkasewera nawo anangoti, "Aphiri, mwayamba ufiti?"

Vuto lake, zinyalala zimatsala pakathabwa. Mwachotsa limodzi, mutolanso limodzi, ndipo pa malembo 100 a masewerawa mavawelo ndi 42 okha. Komabe pa 50 sindiganiza kawiri.

Pakanakhala popanda bokosi limenelo nkhani ikanasintha. QI pamalo wamba ndi 11, n'kutsala ndi C, M, T, V, W, X. Apa ndi pomwe njira yachitatu, kusintha malembo, imapambana. Simupeza kanthu ulendo umenewo, ndipo zimaloledwa pokhapokha m'kathumba mukadali malembo osachepera 7. Ambiri amachita nazo manyazi ngati agonja, koma kukoka makonsonanti maulendo atatu pa mapointi khumikhumi n'kowawa kuposa ziro imodzi. Ine ndikanasunga T ndi X, zina zonse n'kubweza.

Woyamba kubwerera m'kathumba ndi V. Palibe mawu a malembo awiri okhala ndi V pa mndandanda uliwonse mwa iwiriyi, ndiye akakhala pambali pa W mumangomuyang'ana mpaka tiyi kuzizira.