Pulani yati 32: leyifi ikwanitsa, kapena tipite ku gilayinda?

Pulani ya shafiti ikalemba 32 pachizindikiro cha kusalala, osatchula muyeso, amenewo ndi mamayikulo-inchi. Akanakhala mamayikulomita, chitsulocho chikanakhala chokhakhala ngati chodula ndi moto. Kusintha kwake n'kosavuta:

`µm = µin × 0.0254`

Ndiye 32 µin ndi 0.8 µm, 63 ndi 1.6, 125 ndi 3.2. Pamtima ingogawani ndi 40. Koma onetsetsani kuti nambala ya papulani ndi ya pachoyezera zonse ndi Ra, avareji ya kukhakhala kwa chitsulo, chifukwa muyeso wina wotchedwa Rz umayeza kuchokera pansonga kufika pansi pa mizere ndipo nambala yake imakula kangapo pa chitsulo chomwecho.

Tiyambe ndi leyifi, makina aja opala chitsulo chikuzungulira. Mpeni wake umasiya mizere imene mungawerengeretu musanayatse makina:

`Ra ≈ f² / (32 × r) × 1000`

Apa f ndi mtunda umene mpeni umasuntha shafiti ikazungulira kamodzi, r ndi kupindika kwa nsonga ya mpeni, zonse m'mamilimita, ndipo yankho limatuluka mu µm. Ndi nsonga ya 0.8 ndi f ya 0.2 mupeza pafupifupi 1.6 µm, imene ndi 63 µin, yosakwana. Tsitsani f ifike 0.14, mupeza 0.77 µm. Papepala mwapambana, koma mwapulumukira pang'ono kwambiri. Chitsulo chofewa mukachipala mwapang'onopang'ono chimamatirira kunsonga ya mpeni n'kumang'amba pamene papalidwa kale, ndipo mumaona pakuthothoka m'malo mowala. Shafiti yaitali yopyapyala nayo imanjenjemera n'kusiya timafunde. Masamu aja sadziwa zimenezi. Ine 63 ndimaiika pa leyifi mosakayika. Koma 32 ndimavomera pokhapokha makina ali olimba, mpeni uli watsopano, liwiro lili lokwera.

Gilayinda ya mashafiti, makina osalaza chitsulo ndi mwala wozungulira, imafika 0.8 µm mosavutikira, ndipo 0.4 µm, imene ndi 16 µin, ndi ntchito yake ya masiku onse. Imathanso chitsulo cholimbitsidwa ndi moto. Kuipa kwake ndi nthawi ndi ndalama: muyenera kusiyako kachitsulo pang'ono popala, kumasula, kukamanganso pa makina ena. Mwala ukakhala wobuntha kapena madzi oziziritsa akachepa, chitsulo chimapsa n'kuoneka chabuluu.

Pali pamene nambala yokha imanamiza. Mizere ya leyifi imayenda mopota ngati mazinga a bawuti. Ngati pamalopo padzakhala labala yotchinga oyilo, mazingawo amatha kukokera oyilo kunja shafiti ikamazungulira, ngakhale choyezera chitaonetsa 0.7 µm. Malo otere ndi a gilayinda, mwala ukulowa molunjika osayenda cham'mbali. Ngati 32 yo ili pamalo ongolowetsa puli, musawononge ndalama, malizirani pa leyifi n'kuyeza modutsa mizere, osati motsatira mizereyo.